Chithunzi cha pa mapu a pafoni si chalero: mmene tingadziwire tsiku limene chinajambulidwa



Masiku ano makomiti ambiri a zomangamanga m'mipingo yathu ya ku Vubwi, Katete ndi Sinda akumatsegula Google Maps pafoni akafuna kuona malo a tchalitchi. Amasankha chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kuona denga la kachisi, mitengo ya mango, kanjira kopita kuchitsime ndi minda ya anansi. Ena amasindikiza chithunzicho n'kuchiphatika pa kalata yopita kwa amfumu, ku khonsolo kapena kwa abale otithandiza a kutali. Zimenezi n'zothandiza, koma pali funso limodzi limene tiyenera kuyankha tisanadalire chithunzi chotero: kodi chinajambulidwa liti? Chithunzi cha mudzi wathu chikhoza kukhala cha zaka zingapo zapitazo, ndipo amene sadziwa zimenezi akhoza kulembera amfumu kuti malo ali opanda munthu, pamene banja linamangapo kale nyumba.

Chimene chimatisocheretsa

Tikatsegula mapu pafoni timaona kadontho kabuluu kosonyeza pamene taima. Tikayenda, nako kamayenda. N'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti setilaiti ikutiyang'ana nthawi yomweyo. Zoona zake n'zakuti pa sikirini pali zinthu zitatu zosanjikizana, ndipo chilichonse chili ndi msinkhu wake. Kadontho kabuluu n'kanthawi yomweyo, chifukwa foni imawerengera pamene ili pogwiritsa ntchito GPS. Mizere ya misewu ndi maina a masukulu kapena masitolo n'zolembedwa padera, ndipo zimasinthidwa pamene wina wazikonza. Chithunzi cha pansi pa zonsezi n'chosungidwa, monga chithunzi cha ukwati chimene chili pakhoma: chimaonetsa tsiku limodzi lokha, limene linapita.

Motero dzina la sukulu yatsopano likhoza kuoneka litalembedwa pamwamba pa tchire, kapena kadontho kabuluu kakhoza kuima pakati pa munda wa chimanga pamene mwini foni ali pakhonde la nyumba. Foni sinaonongeke ayi. Nyumbayo inamangidwa chithunzicho chitajambulidwa kale.

Chifukwa chake zithunzi za kwathu zimakalamba

Chifukwa choyamba n'chakuti zithunzi zoonetsa denga lililonse n'zovuta kuzipeza. Google imagula zithunzi zotere kwa makampani ena amene ali ndi masetilaiti, monga Airbus, ndipo maina awo amaoneka m'munsi mwa mapu. Setilaiti yotchedwa WorldView-3 imauluka pamtunda wa makilomita oposa pang'ono 600 kumwamba, ndipo imatha kuonetsa chinthu chachikulu masentimita pafupifupi 30. Koma ikamadutsa imajambula kamzere kopapatiza, kotambalala makilomita 13 okha. Kamera yake imalozetsedwa kumene kuli ofuna kugula zithunzi. Mizinda ikuluikulu monga Lusaka ili ndi ogula ambiri, choncho imajambulidwa kawirikawiri kusiyana ndi midzi ya m'malire mwa Malawi ndi Mozambiki, kumene kuli Vubwi.

Chifukwa chachiwiri ndi mitambo. Kamera imeneyi siona kupyola mtambo. Kuno kum'mawa mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo setilaiti ikadutsa tsiku la mitambo, chithunzi chake chimakhala chosagwira ntchito. Nyengo yotentha tchire, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, utsi ndi fumbi nazo zimachititsa chithunzi kuoneka mwachimbuuzi. Okonza mapu amakonda chithunzi choyera bwino ngakhale chikhale chakale, kusiyana ndi chatsopano chimene chili ndi mitambo.

Chifukwa chachitatu n'chakuti mapu ndi nsalu ya zigamba. Popeza setilaiti imajambula timizere, okonza amalumikiza zithunzi za masiku osiyanasiyana kuti zioneke ngati chimodzi. Msoko wake ukhoza kudutsa pakati pa mudzi umodzi, mbali ya kum'mawa n'kukhala ya chaka china, ya kumadzulo ya chaka chinanso. Nthawi zina msokowo umaoneka ndi maso: mzere woongoka umene mbali ina ndi yobiriwira, ina yofiira ngati m'chilimwe. Ngakhale chithunzi chatsopano chitajambulidwa, pamapita nthawi kuti chigulidwe, chikonzedwe ndi kuikidwa pa mapu.

Ku Vubwi nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa dera lasintha msanga. Mpaka m'chaka cha 2012 Vubwi inali mbali ya boma la Chadiza, ndipo m'chaka chomwecho Sinda nayo inakhala boma palokha. Dera likasanduka boma pamabwera maofesi, nyumba za antchito ndi anthu ofuna mapuloti. Pamalo otere chithunzi cha zaka zinayi chimakhala chitatsalira kwambiri.

Chaka cholembedwa m'munsi si tsiku lojambula

Tikatsegula Google Maps pakompyuta, m'munsi mwa chithunzi mumakhala timawu tating'ono tofanana ndi iti:

```
Imagery ©2025 Airbus, Maxar Technologies, Map data ©2025
```

Ambiri akaona chaka chimenechi amati chithunzi n'cha chaka chomwecho. Kachizindikiro ka © kamanena za umwini wa chithunzi, kuti eni ake ndani, ndipo chaka chake chimatsatira kalendala ngakhale chithunzicho chisasinthe. Google Maps siionetsa tsiku limene chithunzi cha setilaiti chinajambulidwa. Kuti tilipeze tiyenera kupita ku pulogalamu inzake ya kampani yomweyo, yotchedwa Google Earth. Ndi yaulere, koma imadya bandulo, choncho ndi bwino kuchita ntchitoyi pamene netiweki ili yamphamvu.

Kupeza tsikulo pa Google Earth

Njira yomveka bwino ndi ya pakompyuta, pa pulogalamu yotchedwa Google Earth Pro. Ngati ku ofesi ya mpingo kulibe kompyuta, aphunzitsi ena kapena achinyamata a mumpingo amakhala nayo.

Choyamba, lembani dzina lakuti Vubwi pamalo ofufuzira, kenako tsatirani msewu umene mumaudziwa mpaka mufike pa tchalitchi chanu. Kulitsani chithunzicho mpaka madenga aoneke limodzilimodzi. Kukulitsaku n'kofunika, chifukwa mukayang'ana muli patali, kuti boma lonse likwane pa sikirini, mumakhala mukuona chithunzi china, chosakaniza zithunzi zambirimbiri, ndipo chilibe tsiku limodzi.

Chachiwiri, ikani kamuvi ka mausi pamwamba penipeni pa malo amene mukufuna, n'kuyang'ana mzere wa m'munsi mwa sikirini. Mupeza mawu onga awa:

```
Imagery Date: 8/3/2021
```

Ngati mzerewo sukuoneka, pitani pa View n'kuchonga Status Bar. Kenako yendetsani kamuvi kuchoka kungodya ina ya malo anu kupita kungodya inzake. Tsikulo likasintha, ndiye kuti msoko wa zigamba wadutsa pamalo anu, ndipo muyenera kulemba masiku onse awiri.

Chachitatu, werengani tsikulo mosamala. Ife timalemba tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Pulogalamuyi kawirikawiri imatsata kalembedwe ka ku Amereka, koyamba ndi mwezi. Ndiye kuti 8/3/2021 ndi pa 3 Ogasiti, osati pa 8 Malichi. Kusiyana kwake si kochepa: mu Malichi chimanga chili chiimire m'munda, mu Ogasiti minda ili mbee. Kuti mutsimikize, yang'anani tsiku lina limene lili ndi nambala yoposa 12. Mukaona 9/24/2019, mwadziwa kuti nambala yoyamba ndi mwezi, pakuti kulibe mwezi wa 24.

Chachinayi, dinani kachizindikiro ka wotchi kamene kali pamzere wa pamwamba, kapena pitani pa View n'kusankha Historical Imagery. Pabwera kamzere kokhala ndi timizere toimirira, ndipo kalikonse ndi tsiku limene malowo anajambulidwa. Mukamakokera kumanzere mumabwerera m'mbuyo zaka. Kokeraninso mpaka kumapeto kwa dzanja lamanja, chifukwa nthawi zina kumeneko kumakhala chithunzi chatsopano kuposa chimene chimaoneka poyamba, chimene okonza sanachiike patsogolo chifukwa cha mitambo kapena chimbuuzi.

Amene ali ndi foni yokha asataye mtima. Kuyambira m'chaka cha 2024 pulogalamu ya Google Earth ya pafoni nayo ili ndi zithunzi zakale. Fufuzani mawu akuti Historical imagery, muwayatse, ndipo masiku a zithunzi aonekera. Onetsetsani kuti malo anu ali pakati pa sikirini ndipo mwawakulitsa mokwanira.

Chitsanzo cha malo a mpingo

Tiyerekeze kuti mpingo wina wa kumudzi m'boma la Vubwi unapatsidwa malo ndi a nyakwawa zaka zambiri zapitazo. Tsopano ukufuna kumanga nyumba ya abusa kumadzulo kwa tchalitchi ndi kuyamba kutenga mapepala a malowo. Malinga ndi lamulo la za malo la 1995, malo a mfumu sasanduka a pepala popanda chilolezo cha mfumu ya dera ndi cha khonsolo. Komiti ikufuna kuphatika chithunzi pa kalata yake. Masiku amene tatchula pano ndi ongoyerekezera, kuti tione kawerengedwe kake.

Mlembi wa komiti akutsegula Google Maps. Kumadzulo kwa tchalitchi kukuoneka tchire lokhalokha, ndipo m'munsi mwalembedwa 2025. Akadalekera pamenepa, kalata ikadanena kuti malowo ndi opanda kanthu m'chaka cha 2025. Koma akupita pa Google Earth n'kupeza kuti chithunzicho n'cha pa 3 Ogasiti 2021. Kamzere ka zithunzi zakale kali ndi masiku anayi: mu 2013, mu 2016, mu 2019 ndi mu 2021.

Poyamba akuyesa masikuwo ndi chinthu chimene mpingo ukuchidziwa bwino. M'buku la misonkhano mwalembedwa kuti tchalitchi chinafoleredwa ndi malata mu 2018. Pa chithunzi cha 2016 denga ndi lakuda, la udzu, ndipo pa cha 2019 likunyezimira. Masiku akugwirizana ndi buku, choncho angawakhulupirire.

Kenako akufunsa chimene zithunzizo zikutsimikiza. Zikutsimikiza kuti pa masiku anayi amenewo, kumadzulo kwa tchalitchi kunalibe nyumba. Za zimene zachitika kuyambira pa 4 Ogasiti 2021 sizikunena kanthu. Pa zaka zinayi munthu akhoza kuumba njerwa, kumanga, kufolera, ngakhale kubzala nthochi n'kuyamba kudya. Akulu a mpingo atapita kukayenda m'malire apeza kuti kungodya ya kumadzulo, kuseri kwa mitengo, banja lina linamanga kanyumba mu 2023 litauzidwa ndi wachibale kuti malowo ndi a makolo awo.

Apa tsiku la chithunzi lathandiza pawiri. Lateteza komiti kuti isalembe zabodza kwa amfumu, zimene zikadachititsa mpingo manyazi pamaso pa mudzi wonse. Lathandizanso pokambirana, chifukwa zithunzi zinayi zija zikuonetsa mpanda wa mitengo umene mpingo unabzala uli pamalo amodzimodzi kuyambira 2013, ndipo kanyumbako kanabwera pambuyo pa Ogasiti 2021. Komabe zithunzizo sizinena mwini malo. Zimaonetsa chimene chinalipo ndi pamene chinali. Amene anapereka malo, mboni zake ndi mawu amene anagwirizana, zimenezo zili kwa a nyakwawa, kwa amfumu ndi m'mabuku a mpingo.

Lamulo lake ndi ili. Chinthu chikasowa pa chithunzi cha 2016 n'kupezeka pa cha 2019, timangodziwa kuti chinamangidwa pakati pa masiku awiriwo. Sitinganene kuti chinamangidwa mu 2019. Ndipo chinthu chikasowa pa chithunzi chomaliza, sitinganene kuti lero kulibe.

Kufunsa mboni yachiwiri

Kampani ina yotchedwa Esri ili ndi nkhokwe yaulere ya zithunzi, dzina lake World Imagery Wayback, imene imasunga mapu ake kuyambira 2014. Popeza imasankha zithunzi payokha, ikhoza kukhala ndi tsiku limene Google ilibe. Muli msampha umodzi: masiku amene andandalikidwa kumbali ndi masiku amene mapu anatulutsidwa. Tsiku lojambula limaoneka mukadina pa chithunzi penipeni, pamalo amene mukufuna. Mapu otulutsidwa chaka chino akhoza kukhala ndi chithunzi cha zaka zitatu zapitazo.

Kulinso zithunzi zatsopano kwenikweni. Masetilaiti a ku Ulaya otchedwa Sentinel-2, amene yoyamba inaulutsidwa mu 2015, amajambula malo alionse pamasiku asanu alionse, ndipo zithunzi zake zimaonedwa kwaulere pa Copernicus Browser, chilichonse ndi tsiku lake. Amatha kubwerera msanga chifukwa amajambula mzere wotambalala makilomita 290, koma mtengo wake ndi wakuti saona zinthu zing'onozing'ono. Kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Tchalitchi cha mamita 25 m'litali ndi 12 m'lifupi chimangokhala timadontho titatu. Kanyumba ka mamita 6 ndi 4 sikadzaza ngakhale kadontho kamodzi. Koma munda wa lima imodzi, mamita 50 mbali zonse, uli ndi timadontho 25, ndipo hekitala ili ndi 100. Choncho Sentinel-2 ingatiuze ngati wina waswa mphanje pamalo a mpingo mwezi watha, kapena ngati moto wadutsa m'nkhalango imene tinabzala. Za kanyumba ka m'chitsanzo chathu singatiuze.

Kuwerenga nyengo pa chithunzi chopanda tsiku

Nthawi zina munthu amabwera ndi pepala losindikiza kale, kapena chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp, chopanda tsiku. Ife a kumudzi tili ndi maso odziwa nyengo, ndipo tingawagwiritse ntchito. Dziko likakhala lobiriwira paliponse, ndi dzinja kapena kumapeto kwake. Minda ikakhala yofiira koma madambo ndi madimba okha ali obiriwira, ndi chilimwe. Mabala akuda a lupsa amasonyeza miyezi yotentha tchire.

Mithunzi nayo imanena. Vubwi ili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa cha kumpoto, ndipo mithunzi ya mitengo ndi nyumba imakhala yaitali, yolozera kumwera. Chakumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa paliombo penipeni, mithunzi n'kufupika. Masetilaiti ambiri ojambula amadutsa nthawi ya m'mawa dzuwa lisanafike paliombo, choncho mithunzi imapendekera kumadzulo. Musanawerenge mithunzi onetsetsani kuti kumpoto kuli kumtunda kwa pepala.

Zizindikiro zimenezi zimapereka nyengo, osati chaka. Chaka timachipeza ndi zinthu zimene tikudziwa pamene zinamangidwa: chitsime cha mjigo, chipinda chatsopano cha sukulu, mlatho, nsanja ya netiweki. Ngati chipinda cha 2020 chilipo koma mjigo wa 2022 palibe, chithunzicho chili pakati pa zaka ziwirizo.

Musanatumize kalata

Tikupempha makomiti onse kuti chithunzi chilichonse chochokera pa mapu chisachoke pa ofesi ya mpingo chopanda mawu atatu olembedwa pansi pake: pulogalamu imene chatengedwa, tsiku limene chinajambulidwa, ndi tsiku limene akulu anayenda pamalopo. Dzina la mwezi lilembedwe m'mawu, monga 3 Ogasiti 2021, kuti wowerenga asasokonezeke. Zimene zasintha kuchokera tsiku lojambula, monga nyumba, chitsime kapena njira yatsopano, zijambulidwe ndi bolopeni pa pepala lomwelo.

Musapimirenso malire pa chithunzi. Chithunzi cha setilaiti chikhoza kusendera mamita angapo kuchoka pamalo enieni, makamaka m'mapiri, ndipo mukasintha zaka pa kamzere kaja mudzaona tchalitchi chomwecho chikusuntha pang'ono. Kadontho kabuluu ka foni nako kamalakwitsa ndi mamita angapo. Pa nkhani ya malire, mamita asanu ndi mizere ingapo ya chimanga, ndipo abale adana kale chifukwa cha mzere umodzi. Malire amapimidwa pansi, ndi wopima malo wovomerezeka, pamaso pa a nyakwawa ndi anansi.

Mipingo imene ili ndi makalata a malo amene akudikira kutumizidwa itsegule zithunzi zimene inaphatikapo, ipeze masiku ake, ndipo akulu akayende m'malire asanasaine.

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse.